Mneni wa m'funso ndiye amalamula dongosolo la chimangirizo

M'zaka zimene ndakhala ndikuchonga zimangirizo za phunziro la mbiri yakale, pepala limene limandimvetsa chisoni koposa ndi la wophunzira amene anawerenga mokwanira koma nayankha funso limene sanafunsidwe. Ndikukumbukira pepala lina la masamba anayi, lolembedwa mwaukhondo, limene linayamba ndi kubadwa kwa John Chilembwe, n'kupitirira ndi kukumana kwake ndi Joseph Booth, ulendo wake wa ku America mu 1897, kubwerera kwake mu 1900, mpaka imfa yake pa 3 Febuluwale 1915. Zaka zonse zinali zolondola ndipo mayina onse analembedwa bwino. Komatu funso linayamba ndi mawu akuti *analyse*, ndipo linkafuna kuti wolemba asanthule zifukwa zimene zinachititsa kuukira kwa 1915. Zifukwazo zinalimo ndithu m'pepalalo, koma zinali zomwazika m'kati mwa nkhani, popanda ziganizo zokwanira zosonyeza mmene chifukwa china chinakhudzira chinzake. Malikisi amene ndinapereka anali ochepa, ndipo mwini pepala atabwera kudzafunsa anali ndi funso limodzi lokha, lakuti kodi analakwitsa chaka chiti.

Kulakwitsa kotereku kumachitika m'mphindi ziwiri zoyambirira, cholembera chisanakhudze pepala. Diso la wophunzira likangoona dzina limene akulidziwa, mtima umathamangira ku zonse zimene analoweza za dzinalo, ndipo mawu ena onse a m'funsomo amasanduka ngati zokongoletsa chabe. Chizolowezichi chili ndi gwero lake. Ku sekondale mafunso ambiri amayamba ndi *describe* kapena *explain*, ndipo wophunzira amene watchula mfundo zolondola n'kuzifotokoza momveka amakhoza bwino. Akafika ku koleji kapena ku yunivesite, mutu wa nkhani ukhoza kukhala womwewo, koma mneni wasintha, ndipo kusintha kwa mneniyo ndiko kusintha kwa ntchito yonse.

Funso lililonse la chimangirizo lili ndi zigawo zitatu zimene ziyenera kulekanitsidwa ndi cholembera, pa pepala lenilenilo la mafunso. Pali mneni amene akulamula ntchito, pali mutu wa nkhani, ndiponso pali malire amene akuchepetsa mutuwo. M'funso lakuti "*Analyse* zifukwa zimene zinachititsa kuukira kwa Chilembwe mu 1915", lomwe ndalimasulira m'Chichewa kusiyako mneni wake, mutu ndi kuukira kwa Chilembwe, malire ndi mawu akuti "zifukwa", ndipo ntchito ndi kusanthula. Malirewo akutiuza kale kuti zimene zinachitika pambuyo pa usiku wa pa 23 Januwale 1915 zilibe malo m'chimangirizochi, pokhapokha ngati zikuthandiza kuonetsa chimene oukirawo ankadandaula nacho. Choncho nkhani ya kugwidwa ndi kunyongedwa kwa otsatira ake, ngakhale wophunzira ataidziwa bwino chotani, iyenera kutsala kunja kwa chimangirizochi. Kusiya dala chinthu chimene unachivutikira powerenga n'kowawa, koma ndi chizindikiro choyamba chakuti funso lamveka.

Kusanthula ndi ntchito yofanana ndi ya munthu wokonza njinga amene wapatsidwa njinga yokana kuyenda. Iye safotokoza mtundu wa penti kapena kumene njingayo inagulidwa, koma amamasula tcheni, mahabu ndi mabuleki, n'kuona chilichonse pachokha, kenako n'kuonetsa kuti kupindika kwa ichi ndiko kwachititsa kuti icho chizikhula. Pali ntchito ziwiri pamenepa, kumasula ndi kuonetsa kulumikizana, ndipo ophunzira ambiri amachita yoyamba yokha. Amalemba ndime ya thangata, ndime ya msonkho, ndime ya nkhondo, ndime ya chipembedzo, iliyonse yoima payokha ngati matumba a chimanga osanjidwa m'mbali mwa msewu. Chimangirizo chotere chili ndi zigawo, koma sichinasanthule kanthu, chifukwa munthu akhoza kusinthanitsa ndimezo mmene angafunire popanda tanthauzo kusintha.

Dongosolo labwino la funsoli liyamba ndi kutaya pa pepala lapadera zonse zimene zikukumbukika, mosasamala ndondomeko, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Wophunzira wokonzeka adzalemba za thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, nkhanza za woyang'anira mindayo William Jervis Livingstone, kutenthedwa kwa matchalitchi a mpingo wa Providence Industrial Mission pa malo a esitetiyo, msonkho wa nyumba, njala ya zaka za 1911 mpaka 1913, kubwera kwa Alomwe ambiri kuchokera ku Mozambique, nkhondo ya ku Karonga ya mu Seputembala 1914, kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala chaka chomwecho, ndiponso kunyozedwa kwa anthu akuda ophunzira. Mfundozi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chimangirizo cha mphindi 45 sichingakhale ndi ndime zisanu ndi zinayi zozama. Ntchito yachiwiri tsono ndiyo kuziika m'magulu, ndipo apa ndi pamene mneni amalamula, pakuti magulu a kusanthula amapangidwa pofunsa kuti mfundo iliyonse inagwira ntchito yanji pobweretsa kuukirako.

Tikafunsa motero, mfundo zija zimagwera m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene zinakonza nthaka kwa zaka zambiri, ndipo m'gululi mfundo zake n'zolukana kale. Malo aakulu a m'chigawo cha mapiri a Shire anali m'manja mwa azungu a minda. Alomwe amene ankathawa ulamuliro wa Apwitikizi analibe malo awoawo, choncho ankakhala pa maesiteti, ndipo lendi yawo inali thangata, kugwira ntchito m'munda wa mwini malo. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, koma pa esiteti anasanduka ntchito yokakamiza imene miyezi yake inkatalikitsidwa monga mmene woyang'anira wafunira. Msonkho wa nyumba unkakankhira munthu ku ntchito yomweyo, ndipo njala itabwera, munthu amene ankathera nyengo yolima m'munda wa thonje wa mwini malo analibe nkhokwe yodalira. Wophunzira amene walemba ndime imeneyi motere waphatikiza mfundo zinayi mu unyolo umodzi, ndipo wochonga akuona mawu monga "choncho", "chifukwa cha ichi" ndi "zimenezi zinachititsa kuti", amene ndiwo mapazi a kusanthula.

Gulu lachiwiri likuyankha funso limene gulu loyamba lasiya poyera. Thangata analipo pa maesiteti ambiri, nanga n'chifukwa chiyani kuukira kunayambira ku Chiradzulu osati kwina? Yankho lili pa mishoni ya Providence Industrial Mission ija ya ku Mbombwe, imene Chilembwe anaikhazikitsa mu 1900 moyandikana ndi minda ya Bruce. Mishoniyo inali ndi masukulu, matchalitchi ndi anthu osonkhana sabata ndi sabata pansi pa mtsogoleri wakuda wophunzira, ndipo pamene matchalitchi ake ankatenthedwa pa esiteti, madandaulo a anthu a thangata ndi madandaulo a mtsogoleriyo anakumana pa mdani mmodzi. Apa ndi pamenenso pakulowa anthu monga John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, amene anali ophunzira kapena ochita malonda, koma ankaona kuti kuphunzira kwawo ndi chuma chawo sizinkawapatsa ulemu pamaso pa atsamunda. Gulu lachitatu ndi la chimene chinayatsa moto, ndipo limayankha funso lakuti n'chifukwa chiyani zinachitika mu Januwale 1915 osati mu 1912. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, anthu akuda anafa ku Karonga pomenyana ndi Ajeremani ndipo ena ankatengedwa kukhala amtengatenga, ndipo kalata ya Chilembwe yodandaula kuti amphawi akufera nkhondo yosakhala yawo inaletsedwa ndi boma. Njira yodandaula mwamtendere itatsekeka motero, anthu amene anali okonzeka kale anasankha njira ina.

Dongosolo lonse tsopano likhoza kulembedwa m'mizere isanu. Mzere wa mawu oyamba unene kuti kuukirako kunabadwa pamene mavuto akale a malo ndi ntchito anapeza mtsogoleri ndi gulu ku Mbombwe, nkhondo n'kupereka nthawi yake. Mizere itatu yotsatira ndi magulu atatu aja, uliwonse ndi umboni wake uwiri kapena utatu wolembedwa mwachidule pambali. Mzere womaliza unene chifukwa chake gulu lililonse palokha silikanakwanira. Ndondomeko ya ndimezi siingasinthidwe wambawamba, chifukwa ndime yachiwiri ikuyankha funso lobadwa m'ndime yoyamba, ndipo yachitatu ikuyankha funso lobadwa m'yachiwiri. Ine ndimaona kuti ameneyu ndiye muyeso wodalirika wa dongosolo la kusanthula, ndipo wophunzira angathe kudziyesa nawo yekha asanayambe kulemba.

Tsopano tisinthe mneni ndi malire, mutu ukhale womwewo: "*Evaluate* kupambana kwa kuukira kwa Chilembwe." Mneni ameneyu akufuna chigamulo, ndipo chigamulo sichingaperekedwe popanda muyeso. Munthu wogulitsa nyemba pa msika sanganene kuti thumba ndi lolemera kapena lopepuka asanaliike pa sikelo, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa kuti sikeloyo ndi yotani. Chimodzimodzinso, chinthu choyamba kulemba pa dongosolo la funso lotere ndi muyeso umene wolemba adzagwiritse ntchito, umboni ubwere pambuyo. Ophunzira ambiri amalumpha sitepe imeneyi n'kulemba mizati iwiri, ya zabwino ndi ya zoipa, kenako n'kuwerenga kuti mzati wautali ndi uti. Kuwerenga mfundo si kuyeza, chifukwa mfundo imodzi yolemera ikhoza kuposa zinayi zopepuka, ndipo ndi ntchito ya wolemba kunena chifukwa chake ili yolemera.

Pa funso la kupambanali miyeso yoyenera ilipo itatu, ndipo iliyonse imapereka yankho losiyana. Tikayeza ndi zolinga za nkhondo za usiku womwewo, kuukirako kunalephera. Livingstone ndi azungu ena awiri anaphedwa ku minda ya Bruce, koma gulu limene linapita kukalanda mfuti ku sitolo ya kampani ya African Lakes ku Blantyre linabwerako ndi zochepa, gulu la Filipo Chinyama ku Ntcheu silinathe kuchita kanthu, mafumu ambiri sanalowererepo, ndipo pasanathe masabata awiri Chilembwe anali ataphedwa ndipo tchalitchi cha ku Mbombwe chinagumulidwa. Tikayeza ndi kusintha kwa moyo wa anthu a pa esiteti, zotsatira zake n'zochepa. Bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa linadzudzula kayendetsedwe ka minda ya Bruce mu lipoti lake la 1916, koma thangata anapitirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mishoni ya ku Mbombwe inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso. Tikayeza ndi chikumbukiro chimene chinasiyidwa kwa omenyera ufulu a pambuyo pake, chithunzi chimasintha, pakuti dziko limene linalandira ufulu mu 1964 limamukumbukira Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse ndipo nkhope yake ili pa ndalama.

Ndime zitatu za thunthu la chimangirizo zikhala miyeso itatuyi, ndipo ndime iliyonse ithe ndi chigamulo chake chaching'ono. Koma ntchito sinathe, chifukwa wolemba ayenera kunena kuti mwa miyeso itatuyi wolemera kwambiri ndi uti. Apa pali mfundo imene imasiyanitsa pepala labwino ndi pepala lapamwamba. Akatswiri a mbiri sagwirizana pa cholinga chenicheni cha Chilembwe: ena amati ankafuna kugwetsa boma la atsamunda, pamene ena amati ankadziwa kuti adzafa ndipo ankafuna kuti imfa yakeyo ikhale umboni wa kuzunzika kwa anthu ake. Ngati cholinga chinali choyambacho, muyeso wa nkhondo ndiwo wolemera ndipo chigamulo n'chakuti analephera. Ngati chinali chachiwiricho, muyeso wa chikumbukiro ndiwo wolemera. Wophunzira ali ndi ufulu wosankha mbali iliyonse, malinga aonetse kuti chigamulo chake chikuchokera pa muyeso umene anaulengeza m'mawu oyamba. Chimene alibe nacho ufulu ndi kumaliza ndi mawu akuti kuukirako kunali ndi zabwino ndi zoipa zomwe, pakuti ameneyo ndi woweruza amene wamva mlandu wonse n'kunyamuka osagamula.

Mneni wachitatu, *discuss*, ndiye amene amasocheretsa ambiri chifukwa amaoneka wofatsa. Womasulira m'Chichewa amati "kambiranani", ndipo wophunzira amamva ngati wapatsidwa chilolezo cholemba chilichonse chimene akudziwa. Kawirikawiri mneniyu amabwera pambuyo pa chiganizo chimene chaikidwa dala kuti chitsutsidwe, monga ichi: "Thangata ndiye anali chifukwa chachikulu cha kuukira kwa 1915. *Discuss*." Ndi bwino kuona chiganizo chotere ngati mlandu umene wafika pabwalo la mfumu, pamene wodandaula alankhula, woyankha alankhula, ndipo pamapeto nkhani igamulidwa. Mawu ofunika kuwazungulira ndi cholembera ndi akuti "chachikulu", popeza palibe amene akukana kuti thangata anali chifukwa, ndipo mkangano wonse uli pa kukula kwake poyerekeza ndi zifukwa zina.

Umboni wake ndi womwe uja wa funso loyamba, koma ukhala pa mipando ina. Mbali yovomereza inena kuti nkhondo yoopsa inachitikira pa esiteti ya Magomero, kuti munthu amene anadulidwa mutu anali woyang'anira thangata, ndiponso kuti ambiri mwa otsatira wamba anali anthu okhala pa minda ya azungu. Mbali yotsutsa inena kuti thangata anakhalapo zaka zambiri popanda kuukira, kuti atsogoleri monga Kufa ndi Njilima sanali anthu a thangata, ndiponso kuti chikonzero chokalanda mfuti ku Blantyre ndi kudzutsa anthu ku Ntcheu chikusonyeza cholinga choposa kubwezera woyang'anira mmodzi. Dongosolo lofooka limaika zovomereza zonse kumtunda ndi zotsutsa zonse kumunsi, mbali ziwirizo osayankhana. Dongosolo lamphamvu limachititsa kuti ziyankhane, mwachitsanzo mfundo yakuti atsogoleri sanali a thangata iyankhidwe ndi mfundo yakuti popanda anthu a thangata atsogoleriwo sakanakhala ndi gulu. Kuchokera pamenepo wolemba akhoza kugamula kuti thangata akufotokoza chifukwa chimene anthu wamba anatsatira ndiponso malo amene mkwiyo unagwera, koma sakufotokoza nthawi imene kuukirako kunachitika kapena zolinga za atsogoleri ake, choncho chiganizo cha m'funso n'choona pang'ono chabe.

Tiyenera kuvomereza kuti malire a aneni atatuwa si khoma la njerwa. Palibe amene angayeze chinthu asanachimasule, ndiye kuti m'funso la *evaluate* muli kusanthula, ndipo funso la *discuss* limathanso ndi chigamulo. Aphunzitsi nawonso sagwiritsa ntchito mawuwa mofanana. M'maphunziro ena a sayansi, *discuss* akhoza kungotanthauza kufotokoza nkhani mozama kuchokera kumbali zingapo popanda mkangano weniweni, ndipo pachifukwa chimenechi mapepala a mayeso akale a phunziro lomwelo ndiponso ndemanga zimene mphunzitsi analemba pa ntchito zam'mbuyo n'zodalirika kuposa mndandanda wa matanthauzo wolowezedwa. Pali mafunso enanso okhala ndi aneni awiri, monga lofuna kuti munthu afotokoze thangata kenako ayeze mphamvu yake pa kuukirako. Pa funso lotere mbali yofotokoza ndi yosavuta ndipo imakoka nthawi, kotero kuti wolemba amafika pa mbali yoyeza kutatsala mphindi zisanu. Ngati malikisi a mbali iliyonse asonyezedwa pa pepala, nthawi igawidwe motsatira malikisiwo, ndipo ngati sanasonyezedwe, mbali yofuna chigamulo ipatsidwe malo aakulu.

Pa chimangirizo cha mphindi 45, mphindi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri zoyambirira ndi za dongosolo, ndipo mphindi yomaliza mwa zimenezi ndi yoyesa dongosololo. Wolemba alembe chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, kenako aziwerenge motsatizana popanda umboni. Ngati ziganizozo zikuyamba ndi zaka, monga "Mu 1897", "Mu 1900", "Mu 1914", ndiye kuti wabwerera ku kusimba nkhani ndipo mneni waiwalika. Ngati zikungotchula mitu, monga "Chifukwa china ndi msonkho", ndiye kuti wamasula njinga koma sanaonetse kulumikizana kwa ziwalo zake. Ziganizo za dongosolo lolondola zikawerengedwa pamodzi zimapanga yankho lalifupi la funso lonse, limene wochonga angalimve ngakhale atapanda kuwerenga mizere ina.

Wophunzira wa masamba anayi uja ndinamupatsa pepala lake lomwelo ndi cholembera chofiira, n'kumupempha kuti adule mzere pansi pa chiganizo chilichonse chokhala ndi mawu akuti "chifukwa" kapena ofanana nawo. Anapeza ziwiri zokha, zonse pa tsamba lachitatu, ndipo chimodzi mwa izo chinkanena kuti Alomwe ankavomera thangata chifukwa analibe kwina kokhala. Tinachotsa masamba awiri oyambirira, chiganizo chimenecho n'kukhala mutu wa ndime yake yoyamba, ndipo ulendo wa ku America unatsala ndi theka la mzere m'ndime yonena za mishoni ya ku Mbombwe.